"Nanga mukuchokeranji kumene mukugwira panopa?" Mayankho amene ndawamva pa intavyu ndi mmene amathera

Mwana wa achemwali anga anatulukira kwathu ku Dedza boma Loweruka lina madzulo, envulopu ya khaki kukhwapa ndi kathumba ka mbatatesi kochokera kwa mayi ake, akuti amalume andiitana ku intavyu Lachinayi, ndiye mundiyeseko mafunso. Ntchito yake inali ya ukalaliki wa sitolo ku bungwe lina logula ndi kusunga soya ndi nyemba za alimi. Mtsikanayu wagwira zaka zitatu mu shopu ya feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda cha ku Lizulu, ndipo za kumeneko ine ndimazidziwa bwino chifukwa ndi ine amene amandiimbira mwezi ukatha opanda kanthu. Salale imabwera cha pa 15 mwezi winawo, nthawi zina theka, abwana amakalipa makasitomala ali pompo, ndipo mnzake wa pa kauntala ndi m'bale wa abwana ndiye ndalama zikashota madzulo amadula onse awiri ngakhale zikudziwika kuti amene anali pa kabati ndi ndani.

Tinakhala pa khonde, ine ndi tiyi, kunja kukuzizira monga kumachitira kuno mu Juni, nde ndinangomufunsa funso limodzi loti mukuchokeranji kumene mukugwira panopa. Anayankha mphindi zinayi zathunthu osapuma. Zonse zimene ananena zinali zoona, palibe ngakhale chimodzi chimene anawonjezera, koma ndinamuuza kuti iwe ndikanakhala pa panelo sindikanakulemba.

Ndakhalapo pa mapanelo angapo olemba anthu ntchito, a mabungwe ang'onoang'ono omwewa, okhala anthu atatu kapena anayi kuseri kwa tebulo ndi pepala la mamakisi. Funso ili pa pepala lija silikhala ndi mamakisi ambiri, nthawi zina amangolifunsa pofuna kuti munthu amasuke, koma mukangotuluka chitseko nkutsekedwa ndi limene limayamba kukambidwa. Ndipo wofunsayo sakufuna kumva za abwana anu ayi. Akufuna adziwe ngati mukuchoka nokha kapena akukuthamangitsani, ngati chimene chikukuchotsani uko chiliponso kuno moti pakatha miyezi isanu mudzatithawanso, komanso akufuna amve mmene mumanenera anthu pamene iwo palibe, chifukwa tsiku lina amene mudzakhale mukumunenayo ndi iyeyo. Yankho lililonse ndimaliyeza pa zinthu zitatu zimenezi.

Tiyambe ndi limene anandipatsa mtsikanayu, longokhuthula zonse mmene zilili. Ubwino wake ndi umodzi wokha, simunama ndiye palibe chodzakugwirani. Koma taganizani muli mbali inayo ya tebulo. Abwana a ku Lizulu aja simukuwadziwa, simunamve mbali yawo, mukungomva mtsikana akunena kuti amandidula ndalama zikashota, ndipo ntchito imene mukumufunirayo ndi yosunga makiyi a sitolo. Mawu oti "kushota" akangomveka m'chipinda muja, amene amatsala m'mutu mwa wa panelo si kuti abwana ndi ankhanza, ndi kuti pamene pali mtsikanayu katundu amasowa. Mwadzisumira nokha mlandu umene palibe anakufunsani. Za mnzake wa pa kauntala ndiye ndi zoipa kuposa, chifukwa abwana oipa aliyense anakhalapo nawo ndipo amatha kumvetsa, koma ukayamba kunena anzako ogwira nawo ntchito aliyense amangoti uyu adzatiyambanitsa mu ofesi.

Palinso china chimene anthu a m'tauni mwina sachiwerengera koma kuno ndi chachikulu. Dedza ndi Ntcheu ndi kochepa. Anthu ochita za ulimi kuyambira ku Linthipe mpaka ku Tsangano amadziwana, amakumana ku misonkhano ya ulimi, ku tchalitchi, pa maliro, ena anaphunzira limodzi. Mukhoza kumanyoza abwana anu osadziwa kuti mayi amene akulemba mamakisi kumapeto kwa tebuloyo amaimba nawo kwaya limodzi ndi akazi awo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mu intavyu mlomo umakutsatadi tsiku lomwelo. Mukalephera intavyuyo Lachisanu m'mawa mukubwerera pa kauntala yomwe ija, abwana atamva kale zonse.

Ndiye anthu ambiri atachenjezedwa zimenezi amathawira ku yankho lachiwiri, loloweza pamtima lija, loti ndikufuna kukula pa ntchito, ndikufuna chalenji yatsopano. Ili silinyoza munthu, nzoona, ndipo palibe amene analephera intavyu chifukwa cha ilo lokha. Vuto lake ndi loti pa anthu asanu ndi atatu amene taitana tsikulo, asanu amanena zomwezo, mawu ake omwewo ngati anakopera bolodi imodzi, ndiye silikuthandizani kalikonse, mwangodutsa. Ndipo ngati pa panelo pali munthu watcheru amangofunsa kafunso kamodzi kotsatira, kuti kukula kwake kotani, kapena chalenji yake iti imene kulibe uko. Apa mpamene ndaonera anthu akugwa. Amakhala chete, kuyang'ana kudenga, kenako poti palibe chokonzeka chimene chatsala m'mutu, zenizeni zija zimatuluka zokha, aaa kunena zoona bwana malipiro kumeneko ndi ovuta. Ndiye mwanena kunyoza komwe mumathawa kuja, kuwonjezapo zaoneka kuti yankho loyamba linali chophimba. Ine ndimati ngati mulibiretu china, ligwiritseni ntchito, koma musalisiye lamaliseche choncho, ndifotokoza kutsogoloku mmene mungalivekere.

Yankho lachitatu ndi la ndalama. Apa anthu amasiyana maganizo, ndipo ine sindili mbali ya amene amati ndalama musazitchule n'komwe. Aliyense pa panelo akudziwa mmene zinthu zinakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nawonso amagula sopo ndi shuga yemweyo, ndiye munthu wonamizira kuti ndalama alibe nazo ntchito amangooneka wabodza. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti ndikufuna malipiro ogwirizana ndi udindo umene ndafika potha kuusenza, ndi kunena kuti kumene ndili amatilipira zochepa. Loyambalo likunena za inu, lachiwirilo likunena abwana anu. Ndipo ngozi yake yeniyeni ndi yoti simukudziwa kuti kuno alipira zingati. Zotsatsa ntchito zambiri sizilemba salale. Mukati ndikuchoka chifukwa cha ndalama, pamene iwo pa bajeti pawo ali ndi ndalama yongoposa pang'ono imene mukulandira kale, mumtima amangoti uyu sakhalitsa, wina akamuwonjezera K10,000 wapita. Nde ndalama zikhale chifukwa chachiwiri, chotchulidwa mu chiganizo chimodzi, kapena mudikire iwo afunse okha kuti mukuyembekeza kulandira zingati, funso limenelo limabwera ndithu chakumapeto.

Yankho lachinayi ndi la banja ndi mtunda. Ana ali ku Dedza ine ndikugwira ku Ntcheu, amuna anga anawasamutsa, mayi akudwala, thiransipoti ya pa M1 mlungu uliwonse ikundithera salale. Likakhala loona ili ndi yankho labwino zedi, chifukwa silikhudza munthu aliyense wa kuntchito, ndipo limayankhiratu nkhawa ija yoti mudzatithawa, munthu amene wabwera kufupi ndi ana ake sachoka msanga. Ndaonapo aphunzitsi a sukulu zapulaiveti ndi anamwino akudutsa nalo bwinobwino. Koma lili ndi misampha iwiri. Woyamba, muyambe mwadziwa kuti ntchitoyo mukaigwirira kuti. Intavyu imachitikira pa boma koma sitolo yake mwina ili ku Mayani kapena kutsika ku Golomoti, ndiye inu mwangonena kumene kuti ndikufuna kukhala pa boma pafupi ndi ana, mwadzichotsa nokha pa mndandanda. Wachiwiri, likakhala lokhalokha limamveka ngati ntchito yathuyi mulibe nayo chidwi, mukungofuna ina iliyonse bola ili pafupi ndi kwanu. Kwa azimayi ndiwonjezepo, ngakhale si chilungamo, kuti ena pa panelo akamva za ana ndi matenda amayamba kuwerengetsa masiku amene muzijomba, ndiye mungotchula kuti banja langa lili kuno ndipo ndikufuna kukhazikika kuno, basi, tsatanetsatane wa matenda a mayi musiyeni kunyumba.

Mtsikana wathuyu anayesa kulitenga limeneli, akuti amalume ndingonena kuti ndikufuna kukhala kufupi ndi inu. Ndinamukaniza. Mayi ake ali ku Ntcheu konko, pa sivi pake adiresi ndi ya komweko, Lizulu ndi Dedza boma ndi pafupi minibasi imodzi, wina akangofunsa kuti banja lake liti, bodza lathera pompo.

Yankho lachisanu ndilitchula mwachidule chifukwa amene ali nalo safunika thandizo. Kontirakiti ikutha mu Seputembala, pulojekiti ikutseka, ntchito inali ya sizoni yogula mbewu basi. Nenani choncho ndi mwezi wake, mwamaliza. Chokhacho musabwereke yankholi ngati si lanu, chifukwa ndi losavuta kulifufuza kuposa onse, foni imodzi yokha.

Za foniyi ndiimepo pang'ono chifukwa ndi imene imasiyanitsa mayankho onsewa. Anthu amaganiza kuti a panelo amaimbira okhawo amene munawalemba pa sivi kuti akuchitireni umboni, abusa ndi aphunzitsi akale aja. Amawaimbira inde, koma pa ntchito yogwira ndalama kapena makiyi nthawi zambiri pamapezeka wina wonena kuti shopu imeneyo ndikuidziwa, ndifunsa. Ndiye yankho lanu likhale loti abwana anu atalimva angoti eya nzoona, ngakhale monyinyirika. Ine muyeso wanga ndi womwewo, ngati simungathe kulinena abwana anu atakhala pa mpando wa pambali panu, musalinene.

Tsopano limene ndimalikonda, ndipo ndi limene tinakhalira pansi kulikonza usiku umenewo. Mumatchula chinthu chenicheni chimene mwaphunzira kumene muliko, kenako chinthu chenicheni chimene kumeneko kulibe osati chifukwa cha kuipa kwa munthu koma chifukwa cha kukula kapena mtundu wa malowo, kenako nkusonyeza kuti chinthucho chili mu ntchito imene mukufunsirayi. Ndi lija la kukula pa ntchito lomwe, koma lovala zovala.

Ndinamufunsa kuti pa shopu paja umachita chani kwenikweni, tsiku lonse. Poyamba anati ndimangogulitsa. Nditamukumba zinatuluka zambiri. Lole ikabwera ndi iye amene amawerenga matumba a NPK ndi Urea nkusainira, ndi iye amalemba m'buku la sitoko, Loweruka lililonse amawerenga katundu nkuyerekeza ndi buku, amaona masiku othera mphamvu pa mabotolo a mankhwala a tomato ndi kabichi nkuika akale kutsogolo kuti ayambe kutuluka. Nyengo ya dzinja shopu imadzaza, koma kuyambira cha mu Epulo katundu amachepa, amangokhala pa kauntala. Ndinati nanga chimene ukufuna kuphunzira koma kumeneko sungachipeze nchani. Anaganiza kanthawi nkuti zonse timalemba pamanja, ine ndinaphunzira Excel koma sindinaigwiritsepo ntchito, komanso shopu ndi ya anthu atatu, pamwamba panga pali eni ake basi, ngakhale nditagwira zaka khumi ndidzakhala pomwepo. Ndinati basi yankho lako ndi limenelo, ndipo taona, palibe bodza, palibenso pamene wanyoza munthu. Shopu kukhala yaing'ono si mlandu wa abwana.

Tinatenga pepala lotsatsa ntchito lija nkuona zimene analemba, kulandira ndi kuyeza mbewu kwa alimi, kusunga marekodi a sitoko pa kompyuta, kulemba malipoti a mwezi. Yankho linatuluka chonchi, ndipo analinena mpaka linasiya kumveka loloweza:

"Ndagwira zaka zitatu mu shopu ya zipangizo za ulimi, ndipo ndi kumene ndaphunzirira kulandira katundu, kusunga buku la sitoko ndi kuwerengera mlungu uliwonse. Koma ndi shopu ya anthu atatu, katundu amachuluka dzinja lokha ndipo zonse timalemba pamanja. Ndafika poti ndikufuna kusamala sitolo yaikulu, yosunga marekodi pa kompyuta, ndipo ndi zimene mwalemba pa ntchito imeneyi."

Ziganizo zitatu, masekondi osafika makumi atatu. Intavyu yake inali ya m'Chingerezi monga zimakhalira zambiri, koma ine ndimati yambani mwalikonza m'Chichewa, chifukwa zimene simungathe kuzinena momveka m'chinenero chanu, m'Chingerezi mudzangobisala kuseri kwa mawu akuluakulu. Ndipo mukamaliza chiganizo chachitatu mutseke pakamwa. A panelo ena amakhala chete dala, akulemba, kapena kungokuyang'anani, ndipo anthu ambiri chete ameneyu amawawotcha nkuyamba kuwonjezera, "komanso kungoti..." Paja pa "komanso kungoti" mpamene pamatulukira abwana ndi m'bale wawo yemwe.

Kuipa kwa yankho ili kulipo, ndisakunamizeni. Limafuna ntchito, muyenera kuidziwa bwino ntchito imene mukufunsira, ndipo silikwanira paliponse. Ngati mukuchoka pa shopu kupita pa shopu ina yofanana nayo tsidya la msewu, kapena kuchoka pa sukulu yapulaiveti kupita pa inzake ya makalasi omwewo, kunena kuti ndikufuna malo aakulu kumaseketsa. Pamenepo funani kusiyana kwina koona, ngakhale kochepa, uko ndimaphunzitsa maphunziro anayi osiyanasiyana pomwe kuno mukufuna wa masamu okha amene ndinaphunzira, uko ntchito ndi ya sizoni kuno ndi ya chaka chonse. Ngati kusiyana kulibiretu ndipo chifukwa ndi malipiro basi, ndiye mwafika pa njira yomaliza.

Njira imeneyi ndi yonena chovutacho koma ngati chinthu chochitika, osati ngati khalidwe la munthu. Mtsikanayu sanafune kuisiya nkhani ya salale, akuti amalume koma chimene chikundichotsa kwenikweni ndi chimenechi, ndibise bwanji. Ndinamuuza kuti sindikuti ubise, ndikuti usayambe ndiwe. Koma akakupanikiza, kapena wina akati tamva kuti kumeneko malipiro amavuta, usakane, chifukwa kukana chinthu chimene iwo akuchidziwa kale ndi bodza lopanda phindu. Tamvani kusiyana kwake. "Abwana athu satilipira, ndalama amakagulira galimoto" ndi mlandu, mwaweruza munthu. "Bizinesi yake imadalira dzinja, ndiye miyezi ina malipiro amachedwa, ine ndikufuna malo okhazikika oti ndizitha kukonza za mtsogolo" ndi chinthu choti ngakhale abwanawo angavomere. Tsiku la 15 lija, theka lija, galimoto ija, zonse zatsala kunja, koma wa panelo wamva ndipo wamvanso kuti munali ndi mpata womunyoza munthu simunautenge. Kwa ine ameneyu ndi amene ndimamupatsa makiyi.

Kukalipa kwa abwana ndiye kulibe njira yabwino yokunenera, ndayesa kuganiza ndalephera. Ena amati nenani kuti ndikufuna malo ogwirizana bwino, koma aliyense amamva kuti mukuti uko kuli nkhondo, ndipo funso lotsatira ndi loti inuyo mbali yanu inali yotani pa nkhondoyo. Isiyeni. Akafunsa mwachindunji kuti mumagwirizana bwanji ndi abwana anu, pezani chinthu chimodzi choona chimene munaphunzira kwa iwo, aliyense ali nacho. Mtsikanayu ataganiza anati koma pa kuwerengera katundu ndi okhwima, thumba limodzi likasowa sagona. Ndinati nena chomwecho, kuti ndi okhwima pa sitoko ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kusasainira katundu ndisanawerenge ndekha. Anaseka, akuti ndiye ndiwayamikirenso. Inde, ndipo pa ntchito ya sitolo chiganizo chimenecho chikugulitsa iweyo osati iwowo.

Wina afunsa kuti nanga ngati zimene akundichitazo ndi zophwanya malamulo, sakundilipira, akundidula popanda chifukwa, penshoni sakupereka, ndingokhala chete? Ayi, koma malo ake si intavyu. Ofesi ya zantchito ilipo pa boma, ku Dedza ndi ku Ntcheu komwe, ndipo ikakanika nkhani imapita ku khoti loona za anthu apantchito. A panelo sangakuthandizeni kulandira ndalama zanu, chimene angachite ndi kukulembani kapena kusakulembani basi.

Funso ili lili ndi mnzake amene amabwera pambuyo pake nthawi zonse, loti mungayambe liti, ndipo anthu amene ayankha bwino loyambalo amadzigwetsa apa. Chifukwa chotopa ndi kumene ali amati ngakhale mawa. Wa panelo amamva kuti munthuyu akhoza kusiya makiyi pa tebulo nkusowa, ndipo zimene mwanena zija zoti mukuchoka mwamtendere zagwa. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati munthu wolandira pa mwezi, amene kontirakiti yake ilibe tsiku lothera, apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo onaninso kalata yanu yolembedwera ntchito ngati muli nayo. Ndiye yankhani kuti ndikufunika mwezi umodzi wa notisi kuti ndisiye buku ndi katundu m'manja mwa wina bwinobwino. Lamulo lomwelo limakupatsani ufulu wopempha kalata posiya ntchito, yosonyeza kuti munagwira nthawi yaitali bwanji, ngati ndani, ndi malipiro anu, ndipo chifukwa chochokera kapena maganizo a abwana pa kagwiridwe kanu siziyenera kulembedwamo pokhapokha inuyo mutapempha. Kwa munthu amene sakugwirizana ndi abwana ake kalata imeneyi ndi yothandiza, ikuchitira umboni zaka zanu popanda kupereka mpata woti akuipitsireni mbiri pa pepala.

Ngati abwana anu sakudziwa kuti mukufuna ntchito kwina, zimene zili choncho kwa ambiri, nenani poyera kuti sindinawauze, ndingakonde muwafunse mukatsimikiza zonditenga. Palibe wa panelo wanzeru amene amadabwa nazo. Chosafunika ndi kuwonjezera kuti chifukwa akamva andichotsa, ndi ovuta.

Ndiye mukawaika pamodzi, kontirakiti yotha ndi banja ndi abwino kwa amene ndi oona kwa iwo, ndipo la banjalo muliphatikize ndi chifukwa cha ntchito. La ndalama likhale lothandizira. Loloweza la chalenji ndi longodutsira. Lotchula chinthu chenicheni chimene kulibe uko koma chilipo kuno ndi limene ndingampatse pafupifupi aliyense, ndipo lonena vuto mopanda kuloza munthu mulisunge m'thumba kudikira kuti akupanikizeni.

Lachinayi lija mtsikanayu anandiimbira ali pa siteji kudikira minibasi yobwerera. Akuti funso linabwera lachitatu, anayankha mmene tinakonzera, kenako bambo wina wa magalasi anaika cholembera pansi nkuti, shopu imeneyo si ya akuti akuti, ndimagula mbewu kumeneko ine, amakulipirani bwino? Akuti mtima unagunda, mawu onse a Loweruka aja anafika pakhosi, koma anangoti bizinesi yake ndi ya dzinja bwana, miyezi ina zimachedwerapo, koma ndaphunzira zambiri kumeneko. Bamboyo anangogwedeza mutu nkufunsa kuti thumba la soya likabwera lonyowa ungalidziwe bwanji. Ndinamufunsa kuti nanga limenelo unayankha chani, akuti amalume minibasi yadzaza ndikuimbirani ndikafika.